Pulezidenti kapena nduna yaikulu: chimene chimalimbitsa boma ndi chimene chimaligwetsa

Mayiko a demokalase amatsata njira ziwiri zikuluzikulu popereka mphamvu zoyendetsa boma. Njira yoyamba ndi ulamuliro wa pulezidenti. Anthu amavotera mtsogoleri wa dziko payekha, kenako n'kuvoteranso aphungu a Nyumba ya Malamulo paokha. Mtsogoleriyo amalamula zaka zimene malamulo anaika, ndipo aphungu sangamuchotse chifukwa chongodana ndi mfundo zake. Umu ndi mmene zilili ku Amereka, ku Brazil, ku Nigeria, ku Zambia ndi ku Malawi. Njira yachiwiri ndi ulamuliro wa nduna yaikulu. Anthu amavotera aphungu okha, ndipo amene akutsatidwa ndi aphungu ambiri ndiye amapanga boma. Amalamula pokhapokha aphunguwo akadali naye, ndipo tsiku limene amutaya, boma lake limatha. Britain, Jeremani, India, Italy ndi Lesotho amayenda motere.

Dzina la udindo silithandiza kusiyanitsa njira ziwirizi. Ku South Africa mtsogoleri amatchedwa pulezidenti, koma amasankhidwa ndi aphungu, ndipo aphungu opitirira theka akhoza kumuchotsa ndi voti imodzi. Kayendetsedwe kake nkofanana ndi ka nduna yaikulu. Mafunso amene amaonetsa njira yeniyeni ya dziko ndi awiri: ndani amaika mtsogoleri pampando, ndipo ndani angamuchotse nthawi yake isanathe?

Kukhazikika kuli pawiri

Anthu akamati boma ndi lokhazikika amasakaniza zinthu ziwiri. Choyamba ndi kukhalitsa kwa mtsogoleri ndi nduna zake. Chachiwiri ndi kulimba kwa ulamuliro wonse wa demokalase, ndiye kuti kupitirira kwa zisankho, makhoti ndi malamulo oyendetsera dziko popanda asilikali kulanda boma kapena mtsogoleri kutseka Nyumba ya Malamulo mwankhanza.

Ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse. Italy yakhala ndi maboma oposa 60 chiyambire 1946, koma demokalase yake sinagwepo. Chile inali ndi apulezidenti olamula zaka zisanu ndi chimodzi aliyense, koma pa 11 Seputembala 1973 asilikali anagwetsa boma la Salvador Allende, ndipo demokalase sinabwerenso mpaka 1990. Woyang'ana kutalika kwa nthawi ya atsogoleri yekha akanati Chile ndiye yolimba. Choncho funso lofunika kwambiri ndi lakuti: mtsogoleri akayambana ndi aphungu, malamulo apereka njira yanji yothetsera mkanganowo?

Mmene boma la nduna yaikulu limagwera

Mu ulamuliro wa nduna yaikulu njira yothetsera mkangano inalembedweratu. Aphungu amabweretsa mfundo yakuti sakukhulupiriranso boma, n'kuivotera. Ikadutsa, nduna yaikulu imatula pansi udindo kapena imaitanitsa chisankho chatsopano. Pa 28 Malichi 1979, boma la James Callaghan ku Britain linagonja pa voti yotere ndi mavoti 311 kwa 310. Chisankho chinachitika mu Meyi, ndipo Margaret Thatcher anatenga boma. Mkangano unatha m'masabata ochepa, ndipo palibe lamulo limene linathyoledwa.

Nthawi zambiri nkhani siifika n'komwe pa voti ya m'Nyumba. Chipani cholamula chikaona kuti mtsogoleri wake wasanduka mtolo, chimamusintha chokha. Mu 2022 Britain inakhala ndi nduna zazikulu zitatu, Boris Johnson, Liz Truss ndi Rishi Sunak, onse a chipani chimodzi, ndipo Truss anangolamula masiku 49. Ku South Africa, Thabo Mbeki mu 2008 ndi Jacob Zuma mu 2018 anatula pansi udindo chipani cha ANC chitawauza kuti atero, chifukwa ankadziwa kuti akakana aphungu awachotsa.

Kuipa kwa njirayi kumaonekera pamene zipani zachuluka ndipo palibe chachikulu. Boma limadalira mgwirizano, ndipo kachipani kakang'ono kakanyanyala, boma lonse limagwa. Falansa inasintha maboma koposa ka 20 pakati pa 1946 ndi 1958. Nkhondo ya ku Algeria itavuta, panalibe boma lokhala ndi nthawi kapena mphamvu zoti lipange chiganizo cholimba, ndipo mu 1958 malamulo onse oyendetsera dziko anasinthidwa. Apa kugwa pafupipafupi kwa maboma kunafika pogwetsa ulamuliro womwe.

Mankhwala a ku Jeremani

Jeremani inaphunzira vutoli mowawa. Mu 1932 chipani cha Nazi ndi cha Chikomyunizimu pamodzi zinali ndi aphungu opitirira theka. Zipani ziwirizi zinkadana kotheratu, moti sizikanapanga boma limodzi, koma zinkatha kuvotera pamodzi kugwetsa boma lina lililonse. Olemba malamulo atsopano a 1949 anatseka mpata umenewu ndi gawo 67. Gawoli limati aphungu angachotse mtsogoleri wa boma pokhapokha atasankha womulowa m'malo pa voti yomweyo, ndi mavoti opitirira theka la aphungu onse. Pakati pa kubweretsa mfundoyo ndi kuivotera payenera kupita maola 48.

Njirayi yayesedwa kawiri kokha. Mu Epulo 1972 otsutsa anafuna kuchotsa Willy Brandt ndi kuika Rainer Barzel. Pankafunika mavoti 249, koma Barzel anapeza 247, ndipo Brandt anakhalabe pampando. Mu Seputembala 1982 chipani chaching'ono cha FDP chinatuluka m'boma la Helmut Schmidt chifukwa chosiyana maganizo pa zachuma. Boma silinagwe tsiku lomwelo. Schmidt anapitiriza kulamula pamene FDP inkakambirana ndi zipani zotsutsa za yemwe angatsogolere ndi mfundo zimene angatsate. Pa 1 Okutobala aphungu 256 anavotera Helmut Kohl, 235 anakana, ndipo Kohl analumbira tsiku lomwelo. Dziko silinagone ngakhale usiku umodzi lopanda boma.

Lamuloli limagwira ntchito limodzi ndi lina la zisankho, lakuti chipani chimene sichinafike mavoti 5 pa 100 alionse kawirikawiri sichipatsidwa mipando, zimene zimachepetsa tizipani ting'onoting'ono. Zotsatira zake n'zakuti kuyambira 1949 mpaka 2025 Jeremani yakhala ndi atsogoleri a boma 10 okha, ngakhale kuti pafupifupi maboma ake onse akhala a mgwirizano. Italy ndi Jeremani onse ali ndi nduna yaikulu, koma malamulo ang'onoang'ono a kachotsedwe ka boma ndi kuchuluka kwa zipani zabala zipatso zosiyana kutali.

Vuto la ulamuliro wa pulezidenti

Ubwino wa ulamuliro wa pulezidenti ndi woonekeratu. Anthu amasankha okha mtsogoleri, amadziwa tsiku limene adzachoke, ndipo boma silingagwe chifukwa cha kunyanyala kwa aphungu ochepa. Koma mu 1990 katswiri wa ndale Juan Linz anafotokoza kuti ubwino womwewo ndiwo gwero la ngozi, ndipo anatchula zifukwa zitatu.

Choyamba, pulezidenti ndi aphungu onse amasankhidwa ndi anthu, choncho akayambana aliyense amanena moona kuti akulankhulira anthu. Zili ngati mudzi wokhala ndi mafumu awiri olongedwa mwamwambo, wina wosunga nkhokwe ndi wina wogawa minda: akasemphana, palibe wamkulu woti agamule. Chachiwiri, nthawi ya pulezidenti ndi yoikika. Mtsogoleri amene aphungu ndi anthu atopa naye m'chaka chachiwiri amakhalabe ndi zaka zina zoti alamule. Chachitatu, mpando wa pulezidenti sugawika. Wopambana ndi mavoti ochepa amatenga zonse, ndipo wogonja amatsala chimanjamanja kwa zaka zinayi kapena zisanu.

Njira yaikulu yochotsera pulezidenti ndi impichimenti, imene inapangidwira milandu yaikulu yophwanya malamulo. Mfundo zolephera kapena kusakondedwa si mlandu. Impichimenti imafunanso mavoti ambiri, kawirikawiri magawo awiri mwa atatu a aphungu. Ku Amereka pamafunika masenetala 67 mwa 100, ndipo palibe pulezidenti amene anachotsedwapo ndi voti yotere. Richard Nixon anatula yekha udindo mu 1974 voti isanachitike. Choncho otsutsa akakhala opitirira theka koma osafika magawo awiri mwa atatu, akhoza kukana bajeti ndi malamulo onse a pulezidenti, koma sangamuchotse. Iyenso sangawachotse. Onse amangokhala akukokanakokana.

Peru: apulezidenti asanu ndi mmodzi m'zaka zisanu ndi chimodzi

Zimene zinachitika ku Peru zikuonetsa mmene mkanganowu umakulira. Mu 2016 Pedro Pablo Kuczynski anagonjetsa Keiko Fujimori ndi kusiyana kosafika voti imodzi pa mavoti 100 alionse. Koma pa aphungu 130, chipani cha Fujimori chinapeza 73, pamene cha Kuczynski chinapeza 18 okha. Anthu omwewo anapereka upulezidenti kwa wina, Nyumba ya Malamulo kwa mdani wake.

Malamulo a Peru a 1993 anapatsa mbali iliyonse chida. Gawo 113 limalola aphungu kulengeza kuti mpando wa pulezidenti ulibe munthu ngati mwini wake walephereratu pa makhalidwe, ndipo pankafunika mavoti 87. Mawu akuti kulephera pa makhalidwe sanatanthauziridwe bwino, moti aphungu akhoza kulowetsamo chilichonse. Gawo 134 linkalola pulezidenti kuthetsa Nyumba ya Malamulo ngati yakana kukhulupirira magulu awiri a nduna zake. Peru inabwereka zida za ulamuliro wa nduna yaikulu n'kuziika mu ulamuliro wa pulezidenti, ndipo mbali iliyonse inaona kuti yochedwa kugwiritsa ntchito chida chake ndiyo idzagwe.

Kuczynski anapulumuka voti yoyamba mu Disembala 2017, koma anatula pansi udindo mu Malichi 2018 voti yachiwiri ili pafupi. Wachiwiri wake, Martín Vizcarra, anatenga mpando. Pa 30 Seputembala 2019 Vizcarra anathetsa Nyumba ya Malamulo ponena kuti yakana nduna zake kachiwiri, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linavomereza. Aphungu atsopano anasankhidwa mu Januwale 2020, koma Vizcarra analibe chipani chake pakati pawo. Mu Novembala chaka chomwecho aphungu 105 anamuchotsa. Sipikala Manuel Merino analowa m'malo, anthu anadzaza m'misewu, anyamata awiri anaphedwa pa zionetsero, ndipo Merino anachoka patatha masiku asanu. Francisco Sagasti ndiye anamaliza nthawi yotsalayo.

Pedro Castillo, amene anapambana mu 2021, anapezanso Nyumba yomuda. Pa 7 Disembala 2022, voti yachitatu yomuchotsa itatsala maola ochepa, analengeza kuti watseka Nyumba ya Malamulo, ngakhale zofunika pa gawo 134 zinali zisanakwane. Asilikali ndi apolisi sanamumvere, aphungu 101 anamuchotsa, ndipo anamangidwa tsiku lomwelo. Dina Boluarte analowa m'malo, anthu ambiri anafa pa zionetsero zotsatira, ndipo nayenso anachotsedwa ndi aphungu mu Okutobala 2025.

Ku Jeremani mu 1982 ochotsa mtsogoleri anayamba agwirizana za womulowa m'malo, ndipo watsopanoyo anayamba ntchito ali ndi aphungu ambiri kumbuyo kwake. Ku Peru ochotsa ankangogwirizana pa kuchotsa. Wolowa m'malo ankapeza Nyumba yomweyo yogawikana, ndipo mkangano unkayambiranso. Nthawi yoikika ya zaka zisanu inalipo papepala, koma sinateteze aliyense.

Malawi pakati pa 2005 ndi 2009

Malawi inakumana ndi mkangano wamtundu womwewu, ngakhale unatha mosiyana. Bingu wa Mutharika anapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mu Febuluwale 2005 anatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa DPP, chipani chimene sichinapikisane nawo pa chisankho cha 2004. Mu ulamuliro wa nduna yaikulu zimenezi zikanabweretsa voti yomweyo: kaya akanapeza aphungu okwanira omutsata, kaya akanachoka. Mu ulamuliro wa pulezidenti anakhalabe pampando, chifukwa anamuika ndi anthu.

Otsutsa, UDF ndi MCP, anali ambiri m'Nyumba. Anayamba ndondomeko ya impichimenti mu 2005, koma gawo 86 limafuna magawo awiri mwa atatu, amene pa mipando 193 ndi aphungu 129, ndipo nkhaniyo inafera m'njira. Boma linkakopa aphungu kuti alowe mbali yake, ena powapatsa unduna. Otsutsa anatembenukira ku gawo 65, limene limalola Sipikala kuchotsa phungu amene wasiya chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china. Mu Juni 2007 Khoti la Apilo linagamula kuti gawoli ndi lovomerezeka, ndipo otsutsa anakana kukambirana bajeti mpaka gawolo litagwira ntchito. Chaka cha zachuma chinayamba pa 1 Julayi popanda bajeti, ndipo inadutsa mu Seputembala. Mkangano womwewo unabweranso mu 2008.

Boma silinagwe, asilikali sanalowerere, ndipo mbali zonse zinkathamangira kukhoti. Komabe ntchito ya Nyumba ya Malamulo inasokonekera kwa zaka zinayi, ndipo chimene chinathetsa mkangano ndi kalendala. Chisankho cha 2009 chinapatsa Mutharika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mavoti, ndipo DPP inapeza aphungu oposa 110. Nthawi yoikika inateteza boma kuti lisagwe, koma inachedwetsanso yankho mpaka tsiku la chisankho.

Kodi vuto ndi njirayo, kapena dziko lake?

Akatswiri ambiri amavomereza kuti m'zaka za m'ma 1900 maulamuliro a demokalase a pulezidenti ankagwa kawirikawiri kuposa a nduna yaikulu. Amasiyana pa chifukwa chake. Scott Mainwaring anasonyeza mu 1993 kuti ngozi imakula pamene ulamuliro wa pulezidenti wakumana ndi zipani zambiri, chifukwa pamenepo pulezidenti sapeza aphungu okwanira. Amereka, yokhala ndi zipani ziwiri zikuluzikulu, sikumana ndi vutoli mofanana ndi Peru. José Antonio Cheibub, m'buku lake la 2007, anapita patsogolo. Anapeza kuti maulamuliro ambiri a pulezidenti anabadwira m'mayiko amene asilikali anazolowera kale kulanda boma, makamaka ku Latin America, ndipo m'mayiko otere demokalase ya mtundu uliwonse imakhala pangozi.

Mbiri ya Afirika ikugwirizana ndi mfundoyi. Nigeria inali ndi nduna yaikulu pamene asilikali analanda boma mu 1966. Mu 1979 inasinthira ku ulamuliro wa pulezidenti pofuna kulimbitsa dziko, ndipo asilikali analandanso boma mu 1983. Malawi inalandira ufulu mu 1964 ili ndi nduna yaikulu, Dr Hastings Kamuzu Banda. Atayambana ndi nduna zake mu Seputembala chaka chomwecho, anapempha aphungu kuti asonyeze kuti akumukhulupirira, ndipo anapambana, chifukwa chipani chake chinali chitadzaza Nyumba. Nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza zinathawa m'dziko, ndipo mu 1966 Malawi inakhala dziko la chipani chimodzi. Mphamvu ya aphungu yochotsa mtsogoleri imakhala yachabe ngati aphunguwo amamuopa. Lesotho nayo, yokhala ndi nduna yaikulu, inachita zisankho mu 2015 ndi 2017 chifukwa cha kusweka kwa migwirizano, asilikali akulowerera ndale.

Kumbali ina, ulamuliro wa nduna yaikulu umakakamiza zipani kukambirana pamene palibe wopambana kotheratu. Mu 2024 ANC inapeza mipando 159 mwa 400 ku South Africa. Popeza pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu, Cyril Ramaphosa anayenera kuyamba wapanga mgwirizano ndi zipani zina asanasankhidwe. Mu ulamuliro wa pulezidenti mtsogoleri amayamba walumbira, n'kumafunafuna aphungu pambuyo pake. Lamulo lakuti wopambana apeze mavoti opitirira theka, limene Zambia inaika mu 2016 ndipo makhoti a Malawi anatsimikiza mu 2020, limachepetsa vuto la pulezidenti wosankhidwa ndi anthu ochepa, koma silimupatsa aphungu.

Zizindikiro za boma limene lili pangozi

Pali zinthu zingapo zimene zimaonetsa msanga kumene dziko likulowera. Mu ulamuliro wa pulezidenti, choyamba kuwerenga ndi aphungu amene ali mbali ya mtsogoleri. Akapitirira theka, boma limayenda, ngakhale pamakhala ngozi ina yakuti Nyumba ingamangovomereza chilichonse. Akakhala pakati pa gawo limodzi mwa atatu ndi theka, mtsogoleri sangachotsedwe, koma bajeti ndi malamulo zimavuta, monga zinalili ku Malawi. Akachepera gawo limodzi mwa atatu, mpando wake uli m'manja mwa adani ake, monga Kuczynski ndi aphungu ake 18. Chachiwiri ndi mawu a lamulo lochotsera mtsogoleri: akakhala osamveka bwino, amasanduka chida cha ndale. Mu ulamuliro wa nduna yaikulu, zoyang'ana ndi kuchuluka kwa zipani za mumgwirizano, kumvera kwa aphungu ku zipani zawo, ndiponso ngati ogwetsa boma amakakamizidwa kutchula lolowa m'malo. M'njira zonse ziwiri, chizindikiro choopsa kwambiri ndi pamene andale ayamba kunyoza zigamulo za makhoti kapena kuyang'ana kwa asilikali.

Ulamuliro wa nduna yaikulu umasintha atsogoleri mosavuta, ndipo potero umathetsa mikangano yambiri isanakule, koma umafuna zipani zolimba ndi malamulo oletsa kugwetsa boma mwachisawawa. Ulamuliro wa pulezidenti umapereka nthawi yodziwika, koma ulibe njira yachidule yothetsera mkangano wa mtsogoleri ndi aphungu, choncho umadalira kwambiri makhoti odziimira paokha ndi atsogoleri odziwa kukambirana. Palibe njira imene payokha imalimbitsa dziko. Dziko lofuna boma lokhazikika liyenera kusamala kwambiri malamulo a zisankho, a kachotsedwe ka mtsogoleri, a kusintha zipani kwa aphungu ndi a zoyenera kuchitika bajeti ikakanidwa, chifukwa malamulo amenewa ndiwo amagamula ngati mkangano uthera m'Nyumba ya Malamulo kapena m'misewu.